Chitsulo chomangidwa uku ndi uku: mbali iti imasenza zambiri?

Mng'aluwo unali waung'ono ngati tsitsi, koma ukathira madzi pamalopo unkaoneka bwino chifukwa madzi ankalowamo n'kusiya kamzere kakuda. Unali kumanzere, pomwe chitsulo chozungulira chinawotchereredwa ku chitsulo chaphanthi cha pachipilala. Kumanja kunalibe kanthu, penti yake ili gwa ngati yopaka dzulo.

Mwini malowo, bambo wogula mbewu pamsika wina, anafuna poti azipachikapo sikelo. Wowotcherera anamuikira chitsulo chozungulira, chopanda chibowo mkati, chotalika mita imodzi ndi theka, chopingasa pakati pa zipilala ziwiri. Pachitsulocho anawotchererapo mkono wotalika mita imodzi wotulukira panja, kuti thumba lizilendewera kutali ndi khoma. Mkonowo sanauike pakati penipeni chifukwa pansi pake panali khomo. Anauika theka la mita kuchokera kumanzere, kutsala mita yathunthu kumanja. Thumba likalendewera kunsonga kwa mkono, mkonowo umagwira ntchito ngati sipanala: umafuna kuzunguza chitsulo chija, ndipo poti chitsulocho n'chogwidwa mbali zonse, chimangopotoka.

"Achimwene, ine pamenepa sindikumvetsa," anandiuza wowotchererayo akupukuta manja. "Chitsulo n'chimodzi, zipilala n'ziwiri. Katundu ayenera kugawana theka theka. Nanga bwanji kwang'ambika uku kokha?"

Funso lakelo ndi lomwe ophunzira uinjiniya amakumana nalo akafika pa phunziro la kupotoka kwa mashafiti, ndipo ambiri amayankha monga mmene iye anayankhira. Yankho la theka theka ndi loona pamalo amodzi okha, pamene mphamvu yopotokolayo yagwira pakati penipeni pa chitsulo chofanana kukula kuyambira uku mpaka uko. Kwina konse n'lolakwa, ndipo chifukwa chake n'chokoma kuchitsata.

Tiyambe ndi shafiti yomwe aliyense anaionapo, ya pachigayo. Injini imakoka lamba, lamba amazunguza pule, pule imapotokola shafiti, ndipo kumapeto kwinako nyundo zophwanya chimanga zimakana. Mphamvu yopotokola, yomwe amakaniko amati toki, imalowera mbali imodzi n'kutulukira mbali inayo. Njira ndi imodzi yokha. Ukadziwa toki yomwe yalowa, wadziwa yomwe shafiti yonse yasenza, ndipo sufunika kufunsa ngati shafitiyo ndi yachitsulo kapena yamkuwa.

Chitsulo cha sikelo chija n'chosiyana. Toki yalowera pakatikati ndipo ili ndi njira ziwiri zothawira, kumanzere ndi kumanja. Lamulo lakale lonena za zinthu zomwe zangokhala osasuntha limati mphamvu zonse ziyenera kuthetsana. Tikatcha chipilala chakumanzere A, chakumanja B, ndipo toki yomwe thumba labweretsa n'kuitcha T, lamulolo limangotiuza izi:

```
T_A + T_B = T
```

Tinene kuti thumbalo ndi la makilogalamu pafupifupi 90. Likalendewera pa mkono wa mita imodzi limabweretsa toki ya manyutoni-mita pafupifupi 900. Ndiye A ndi B pamodzi asenza 900. Koma 450 ndi 450 zikwana 900, 800 ndi 100 zikwananso 900, ngakhale 900 ndi 0. Zosadziwika zilipo ziwiri, samu ndi imodzi. Lamulo lija lanena zoona, koma lathera pomwepo, ndipo ngakhale ulitembenuze chotani silikuuza zambiri.

Pano pali msampha wina womwe ndiyenera kuutchula. Anthu awiri akanyamula thumba pamtengo, wina kutsogolo wina kumbuyo, yemwe thumba lamuyandikira ndiye amalemedwa. Izo zimatuluka m'lamulo lija mosavuta, chifukwa pamenepo pali masamu awiri: kulemera konse kuyenera kugawidwa, komanso mtengo suyenera kupendama. Pa kupotoka samu yachiwiriyo palibe. Kutalika kwa chitsulo sikulowa m'lamulolo n'komwe. Tidzaona kuti mbali yapafupi imalemedwadi, koma pa chifukwa china, ndipo chifukwacho chikasintha, yankho nalo limasintha.

Samu yachiwiri imachokera ku chitsulo chenichenicho. Chitsulo si mwala wosagonja. Ukachipotokola chimapotoka pang'ono, ukachisiya chimabwerera. Mfalansa wina, Charles-Augustin de Coulomb, anayeza zimenezi pa mawaya ndipo analemba zotsatira zake mu 1784: waya amapotoka molingana ndi toki, wautali amapotoka kwambiri, ndipo wonenepa amapotoka pang'ono zedi. Masiku ano timalemba motere:

```
φ = T L / (G J)
J = π d^4 / 32
```

Chilembo φ ndi kuchuluka kwa kupotoka, L ndi kutalika kwa gawo lomwe likupotokalo, G ndi kuuma kwa mtundu wa chitsulo, ndipo J imanena za kunenepa kwake, d. Musaope zilembozi. Mfundo yake ndi yomwe aliyense wopota chingwe amaidziwa m'manja: kachidutswa kakafupi kamauma msanga, katali kamalola kupota nthawi yaitali kasanayambe kukana.

Tsopano onani pomwe mkono wawotchereredwa. Malo amenewo ndi amodzi. Mkono ukatsika ndi digiri imodzi, gawo lakumanzere lapotoka ndi digiri imodzi, ndipo gawo lakumanja nalo lapotoka ndi digiri imodzi yomweyo. Sizingatheke kuti lakumanzere lipotoke digiri imodzi, lakumanja madigiri awiri, pokhapokha chitsulo chitaduka pamenepo. Zipilala sizizungulira, chitsulo sichinaduke, choncho kupotoka kwa magawo awiriwa kuyenera kugwirizana. Ndiko kugwirizana komwe mainjiniya amadalira pa samu zamtunduwu, ndipo n'kwa nzeru wamba kuposa momwe mabuku amakuonetsera.

Mungathe kudzionera nokha pakhomo. Tengani paipi yarabala yothiririra dimba, mudule yotalika ngati mkono ndi theka, mujambule mzere wowongoka ndi choko kuyambira uku mpaka uko. Ana awiri agwire nsonga zake mwamphamvu, aikoke pang'ono kuti iwongoke. Inu mugwire pafupi ndi mwana mmodzi n'kupotokola. Mzere wachoko uja ukhota modzidzimutsa mbali yaifupi, ngati msewu wokwera phiri, pomwe mbali yaitali ukhota mwaulesi. Mizere yonse iwiri ikumana pa dzanja lanu. Kenako funsani anawo kuti ndani paipi ikufuna kumupulumuka m'manja. Ndi wapafupi uja, nthawi zonse.

Tiike manambala. Gawo lalifupi ndi a, lalitali ndi b, chitsulo chonse ndi L. Poti chitsulo n'chamtundu umodzi ndiponso chonenepa mofanana, G ndi J zimachoka mbali zonse ziwiri, n'kutsala:

```
T_A × a = T_B × b
T_A = T × b / L
T_B = T × a / L
```

Pa sikelo yathu a ndi mita 0.5, b ndi mita 1, L ndi mita 1.5. Chipilala chakumanzere chisenza magawo awiri mwa atatu a 900, omwe ndi 600. Chakumanja chisenza 300. Wowotcherera uja ankaganiza kuti kumanzere kuli 450, pomwe kuli 600.

Chitsulocho chinali chonenepa mamilimita 40, ndipo G ya chitsulo wamba ili pafupifupi magigapasikali 80. Tikawerengera, mkono umatsika ndi madigiri 0.85 okha, osakwana ngakhale imodzi. Kunsonga kwa mkono wa mita imodzi kumeneko n'kutsika kwa mamilimita 15, komwe maso amaona ngati mukuyang'anitsitsa. Njira yabwino yodziyesera ngati samu yayenda bwino ndi kuwerengera kupotokako kawiri, koyamba ndi 600 pa theka la mita, kachiwiri ndi 300 pa mita yathunthu. Mayankho akasiyana, mwalakwitsa penapake. Ndipo kawirikawiri cholakwika chimakhala chaching'ono chochititsa manyazi: kuika mamilimita pomwe pakufunika mamita, kapena kuiwala kuti samu ya φ imapereka maradiyani, omwe muyenera kuchulukitsa ndi 57.3 kuti asanduke madigiri.

Funso loti chitsulo chipirira kapena ayi limayankhidwa ndi kupanikizika kwa pakhungu pake, chifukwa pa kupotoka khungu ndilo limavutika, pomwe mtima wa chitsulo umangokhala osagwira ntchito yeniyeni. N'chifukwa chake paipi imapirira kupotoka bwino polingana ndi kulemera kwake. Samu yake ndi τ = 16 T / (π d^3). Kumanzere imapereka mamegapasikali 48, kumanja 24. Chitsulo wamba chomangira chimayamba kupotokeratu osabwerera chikafika cha m'ma 140. Ndiye mwa masamu amenewa chitsulo chenichenicho chinali ndi mpata wokwanira. Kulemera kwa thumba kumachipindanso chitsulocho kuwonjezera pa kuchipotokola, ndipo kupindako nako kumalemera mbali yapafupi, koma ngakhale titaphatikiza zonsezo sitikufikabe poti chiduke. Zinandipangitsa kubwerera kuchipilala chakumanja kukaonanso.

Kumeneko n'komwe kunali nkhani. Kumanzere anawotcherera kuzungulira konse. Kumanja sanawotcherere. Kuti chitsulo chilowe pakati pa zipilala zomangidwa kale, analowetsa nsonga yake m'kapaipi kakafupi komangidwa kuchipilala, n'kuboola zonse ziwiri, n'kupisamo bawuti. Bowo linali lalikulu pang'ono kuposa bawutiyo, monga mmene mabowo oboola ndi dilila yapamanja amakhalira.

"Koma sikugwedera, achimwene. Tagwedezani muone."

Ndinagwedeza. Sichinagwedere, chifukwa kumanzere kunali kowotcherera. Koma kusagwedera m'manja sikutanthauza kuti bawuti yagwira.

Tiyerekeze kuti bawutiyo inali ndi kampata koti nsonga ya chitsulo izungulire digiri imodzi isanagunde. Pa chitsulo cha mamilimita 40, digiri imodzi ndi mamilimita 0.35 pakhungu pake, kuposa pang'ono gawo limodzi mwa magawo atatu a milimita. Khadi ya kubanki ndi yonenepa kuwirikiza kawiri kuposa pamenepo. Tsono samu ya kugwirizana yasintha. Kale inkati kupotoka kwa kumanzere n'kofanana ndi kwa kumanja. Tsopano ikuti kupotoka kwa kumanzere n'kofanana ndi kwa kumanja kuphatikizapo kampatako. Thumba likayamba kulemera, gawo lakumanja limangozungulira lonse lathunthu osapotoka, ndipo lakumanzere limasenza lokha mpaka digiri imodzi ikwane. Kuti gawo la theka la mita lipotoke digiri imodzi pamafunika manyutoni-mita pafupifupi 700. Bawuti imayamba kugwira ntchito pamenepo, patatsala 200 yokha, ndipo 200 imeneyo ndi yomwe imagawidwa pawiri ndi kumodzi. Mapeto ake kumanzere kwasenza pafupifupi 834, kumanja 66. Kampatako kakanakhala ka madigiri 1.3, komwe ndi mamilimita osakwana theka, bawutiyo ikanangokhala yokongoletsa, 900 yonse ili kumanzere.

Choncho pamalo owotchererawo, pomwe mwiniwake ankayesa kuti pali 450, panali pafupifupi kuwirikiza kawiri. Onjezani kuti thumba silikhazikidwa mwaulemu pasikelo, anyamata amaliponya ndipo limadzutsa mkono, kambirimbiri patsiku, nyengo yonse yogula mbewu. Chowotcherera chosalowa bwino chimakhala ndi timakona tomwe timaunjika kupanikizika, ndipo chitsulo chokankhidwa n'kusiyidwa mobwerezabwereza chimatopa, n'kuyamba mng'alu pa katundu wochepa kwambiri kuposa yemwe angachidule kamodzi n'kamodzi. Penti yosalala ya kumanja ija inali umboni woti mbaliyo inkangodya zaulere.

Ine ndimaona kuti apa ndi pomwe mabuku ambiri amamusiya wophunzira panjira. Amajambula khoma lokhala ndi timizere topendama mbali zonse, n'kunena kuti chitsulo chagwidwa. Koma yankho lonse likutsamira pa kupotoka kosakwana digiri imodzi, ndiye chilichonse chotha kusuntha ndi kachigawo ka digiri chimalowa m'samumo: bawuti yolowa momasuka, kiyi yodyeka, chitsulo chaphanthi chopyapyala chomwe chimapindika, chipilala chanjerwa chomwe matope ake afumbutuka. Pa shafiti ya chigayo zinthu ngati zimenezi zimabweretsa phokoso ndi kudyeka, koma sizisintha kuchuluka kwa toki. Pa chitsulo chogwidwa uku ndi uku zimasintha yemwe akusenza.

Wowotcherera atamva izi anaganiza mofulumira, ngati munthu wozolowera kukonza zinthu. "Ndiye tingoikapo chonenepa kumanzereko."

Maganizowa si olakwa, koma ali ndi mchira. Tinene kuti bawuti ija yachotsedwa, kumanja nako kwawotchereredwa bwino, ndipo gawo lalifupi talinenepetsa kufika mamilimita 50. Kuchoka pa 40 kufika pa 50 kukuoneka kochepa, koma J imakula ndi d wochulukitsidwa yekha kanayi, ndiye gawolo lauma kuwirikiza 2.44. Tsopano G ndi J sizichokanso m'samu, ndipo lamulo lenileni limaonekera: gawo lililonse limatenga toki molingana ndi kuuma kwake, komwe ndi G J / L. Gawo lalifupi linali louma kawiri kuposa lalitali, tsopano lauma pafupifupi kasanu. Litenga 747, n'kusiyira linzake 153. Chitsulocho chili bwino, chifukwa kupanikizika kwake kwatsika kufika pa 30. Koma chowotcherera, chitsulo chaphanthi, mabawuti a m'chipilala ndi chipilala chenichenicho zalandira katundu wochuluka kuposa kale. Ukanenepetsa gawo umaliitanira katundu. Ngati chofooka chinali chipilala osati chitsulo, wangochiwonjezera mavuto.

Nanga tikachita zosemphana, kunenepetsa gawo lalitali, lomwe silikudandaula n'komwe? Kuuma kwake kukwera kuchoka pa 1 kufika pa 2.44, pomwe kwa lalifupi kukhala pa 2. Lalitali tsopano ndilo louma kwambiri. Litenga 495, ndipo lalifupi litsika kufika pa 405, kupanikizika kwake n'kukhala 32. Mbali yakutali yasenza zambiri kuposa yapafupi, chinthu chomwe sichingachitike kwa anthu awiri onyamula thumba pamtengo, ngakhale mtengowo utanenepa bwanji mbali imodzi. N'chifukwa chake ndinati kufanana kwa nkhani ziwirizi n'kwa pamaso chabe. Toki imatsata kuuma, ndipo kufupika ndi njira imodzi chabe yokhalira wouma. Mtundu wa chitsulo ndi njira ina: aluminiyamu ali ndi G yokwana gawo limodzi mwa atatu la chitsulo, ndiye gawo la aluminiyamu lofanana kukula ndi kutalika limasenza pang'ono.

Tisiyanitsenso kuuma ndi kulimba, chifukwa pokambirana timaziphatikiza. Chitsulo chamtengo wapatali cha ma ekiselo a galimoto n'cholimba kuposa chitsulo wamba, chimapirira kupanikizika kwakukulu chisanagonje. Koma G yake ndi yomweyo, pafupifupi 80. Mukachiika m'malo mwa chitsulo wamba, kagawidwe ka 600 ndi 300 sikasintha mpang'ono pomwe.

Masamu onsewa ali ndi malire ake. Amagwira ntchito pa chitsulo chozungulira, chodzaza. Chamakona anayi chikapotoka nkhope yake imapindika, ndipo J yathu siigwiranso. Vuto limenelo analimasula ndi Mfalansa winanso, Barré de Saint-Venant, m'zaka za m'ma 1850, ndipo mfundo ya kugwirizana imakhalabe yomweyo, kungoti kuuma kumawerengedwa mwanjira ina. Masamuwa amafunanso kuti chitsulo chikhale chikubwerera chikasiyidwa. Katundu akapyola muyezo, gawo lalifupi limayamba kugonja, n'kusiya kulandira toki yambiri yowonjezera, ndipo yotsalayo imapita ku gawo lalitali. Pa chitsulo chofewa imeneyi ndi mphatso ya kugwidwa mbali ziwiri: mkono umapendama n'kuchenjeza anthu zinthu zisanagwe. Koma mphatsoyo imadalira kuti zomangira zipirire, ndipo chowotcherera chong'aluka sichidikira kuti mnzake adzachithandize.

Chikaduka, nkhope ya podukapo imafotokoza nkhani. Chitsulo chofewa chopotokoledwa mopyola chimaduka mopingasa, mosalala, ngati chodulidwa ndi sowo. Chinthu chophwanyika msanga, monga chitsulo chosungunula chothira m'chikombole, chimaduka mozungulira ngati chigoba cha nkhono, pa madigiri 45. Tengani choko cha kusukulu muchipotokole ndi manja awiri, muona nsonga yosongoka yokhotakhota imeneyo. Ming'alu yopendama yamtundu womwewo imaoneka pa mtanda wakonkire womangidwa pakati pa zipilala ziwiri womwe wasenza kadenga kotulukira panja, ndipo samu yake ndi yomweyi: toki pakatikati, zogwirira ziwiri, kupotoka kumodzi.

Pa sikelo paja tinagwirizana zophweka. Wowotcherera anapera chowotcherera chakale mpaka mng'alu utatha, anasema mlomo wa chitsulo kuti moto ulowe mkati, n'kuwotchereranso. Kumanja anachotsa bawuti n'kuwotcherera chitsulo ku kapaipi kaja kuzungulira konse, mkono uli wopanda katundu. Mfundo yomalizayi ndinaibwereza kawiri, chifukwa akanawotcherera thumba likulendewera, gawo lakumanzere likanakhala litapotoka kale ndi katundu yense, ndipo lakumanja likanamangidwa lili lomasuka, osasenza kanthu pa thumba lolemera choncho.

Atamaliza anajambula mzere wachoko pachitsulo, kuyambira chipilala ichi mpaka icho, n'kuuza mnyamata wina kuti alendewere kumkono. Pa chitsulo cha mamilimita 40 mzerewo umasuntha ndi gawo limodzi mwa atatu la milimita, ndiye panalibe choona. Iye anayang'anitsitsabe kwa kanthawi, diso limodzi atatsinzina, kenako anati, "Tsika, iwe, ungandithyolere ntchito."